Odi wa Pafoni: Moni Wopanda Nkhani ndi Kayankhidwe Kake

Pali mtundu wa uthenga umene umafika pafoni uli ndi mawu awiri kapena atatu basi: "Moni achimwene", "Mwadzuka bwanji amalume?", "Bho?" Pansi pake palibe china. Wotumizayo nkhani ali nayo, ndipo wolandirayo amadziwa kuti ilipo, koma siituluka mpaka moniyo atayankhidwa. Yankho likhoza kubwera pakatha mphindi imodzi, likhozanso kubwera mawa, ndipo nthawi yonseyo mmodzi amangosuzumira pafoni pamene mnzakeyo akudzifunsa kuti kaya lero kwagwanji. Anthu otanganidwa amaliona khalidweli ngati lotayitsa nthawi, pomwe otumizawo amaliona ngati ulemu wamba. Onsewo akunena zoona, ndipo mkanganowo umamveka bwino munthu akayamba waona kumene chizolowezichi chinachokera.

Odi ndi malonje

Mlendo akafika pakhomo pa eni ake amaima pabwalo n'kunena kuti "Odi!" Salowa mpaka atamva "Eee" kapena "Fikani". Akapatsidwa mpando kapena mphasa, a pabanjapo amabwera mmodzimmodzi kudzam'patsa moni, kufunsa za kumene wachokera, za ana, za mvula. Zonsezi zikatha mpamene pamabwera malonje, ndipo chofunika kuchigwira apa n'chakuti woyambitsa malonje ndi mwini khomo. Iyeyo ndiye amati, "Kaya n'kwabwino?" kapena "Mwatiyenderatu lero." Mlendo wongofikira kukhuthula nkhani asanafunsidwe amatengedwa ngati wosaleredwa bwino, ngakhale nkhaniyo itakhala yomveka.

Munthu wokulira m'mwambo umenewu akagwira foni sausiya mwambowo pansi. "Moni" wakeyo ndi odi. Kukhala chete kumene kumatsatirako ndi kuima pabwalo kuja, kudikira kuti auzidwe kuti alowe, ndiponso kudikira kuti afunsidwe malonje. Nthawi zambiri wolandira amabweza moni n'kulekera pomwepo, poganiza kuti mnzakeyo apitiriza yekha, pamene mnzakeyo akudikirabe funso lom'tsegulira njira. Awiriwo amangopatsana moni wachiwiri ndi wachitatu, aliyense akuyembekeza kuti winayo ayambe.

Akatswiri a kayankhulidwe anaziona kale zimenezi kwa anthu a mitundu ina. Mu 1923 Bronislaw Malinowski, amene anakhala zaka zingapo pakati pa anthu a kuzilumba za Trobriand, analemba kuti pali mawu ena amene ntchito yawo si kupereka nkhani koma kulumikiza anthu, ndipo moni ndi chitsanzo chake chachikulu. Mu 1968 Emanuel Schegloff anafufuza mmene anthu a ku Amerika amayambira kuyankhulana patelefoni. Iye anaonetsa kuti kulira kwa foni n'kuitana, mawu oyamba a wolandira ndi kuvomera, ndipo kuvomerako kukachitika woitanayo amakhala ndi ngongole yoti anene chimene waitanira. Ndi mmene zilili ndi mwana amene waitana kuti "Amayi!" n'kuyankhidwa kuti "Ee?" Sangangokhala duu. Choncho moni wapafoni ali ndi udindo mbali ziwiri: wolandira avomere, wotumiza anene.

Chodabwitsa n'chakuti makolo a anthu omwewa, polemba makalata, sankachita zimenezi. Kalata yochokera ku Joni kapena ku Halale m'masiku a Wenela inkayamba ndi moni wautali, kufunsa za moyo, kunena kuti wolembayo ali bwino, kenako n'kulowa m'chiganizo chodziwika chija chonena cholinga cha kalatayo. Moni ndi nkhani zinkayendera mu envulopu imodzi, chifukwa palibe akanadikira milungu itatu kuti amve "Tili bwino, kaya inu" asananene kuti ng'ombe zija zisagulitsidwe. Mafoni a m'manja atafika m'Malawi, kuyambira ndi TNM m'zaka za m'ma 1990 kenako Celtel mu 1999, imene inadzasanduka Zain ndipo mu 2010 Airtel, meseji iliyonse inkadya mayunitsi ndipo inkanyamula zilembo 160 zokha. Munthu ankapanikiza moni, nkhani ndi kutsanzika m'zilembo zomwezo. Kutumiza "Moni" yekha kunali kutaya ndalama. Zinasintha ndi WhatsApp, imene inayamba mu 2009 n'kufala kuno m'zaka zotsatira. Munthu akagula bandulo ya tsiku kapena ya sabata, uthenga wa mawu awiri sum'dyera chilichonse choti n'kuchiona, ndiponso pagalasi pamaoneka kuti mnzake ali `online`. Foni inasiya kufanana ndi positi ofesi n'kuyamba kufanana ndi khomo la munthu amene ali m'nyumba, ndipo odi anabwerera.

Zimene wodikirayo akufuna kudziwa

Ulemu si chifukwa chokhacho. Kawirikawiri wotumiza moni yekha amakhala akuyesa madzi ndi ndodo asanawoloke, ndipo choyamba chimene akufuna kudziwa n'chakuti foniyo ili m'manja mwa yani. M'mabanja ambiri foni ndi imodzi, ya bambo, mayi ndi ana omwe. Ina imaswera kometera tsitsi kapena pagolosale ikutchajidwa, ina ili ndi mwana amene akuonera makanema. Nambalanso zimasintha eni: simukhadi ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, kampani imatha kupereka nambalayo kwa munthu wina. Amene ali ndi nkhani ya ngongole, ya matenda, ya banja limene likugwedezeka kapena ya mimba ya mwana wasukulu sangaiponye m'foni asanatsimikize kuti woiwerenga ndi mwini wake. Kayankhidwe ka moni kamaulula zimenezi, chifukwa aliyense ali ndi kalembedwe kake.

Chachiwiri ndi manyazi a kupempha, ndipo apa mpamene pagona nkhani zambiri za moni wamtunduwu. Pempho lolembedwa lonse n'kusiyidwa osayankhidwa limapweteka koposa moni wosayankhidwa. Munthu akalemba kuti akufuna K30,000 ya fizi, timatiki tiwiri n'kusanduka tabuluu, kenako zii, wakanidwa poyera ndipo umboni wake watsala m'foni. Akangolemba "Moni" n'kusayankhidwa, onse awiri akhoza kudzakumana pamaliro n'kupatsana chanza ngati palibe chinachitika. Moniyo amateteza nkhope ya wopempha, komanso amam'patsa wopemphedwa mpata wozemba popanda kunena kuti ayi. Wodikirayo amayesanso nyengo: yankho lotentha, la mawu ambiri, limam'limbitsa mtima, pomwe "Bho" wouma amamuuza kuti lero si tsiku lake. Ena amawonjezerapo kachenjerero. Amadziwa kuti munthu amene wangoyankha kumene moni sangathenso kunamizira kuti sanaone foni, choncho pempho limagwa pamene wayankhayo wadzionetsa kuti alipo. N'chifukwa chake anthu olandira malipiro amanena moseka kuti moni amachuluka mwezi ukamatha.

Palinso moni amene ali mbale wake wa kufulasha. Kuyambira kale munthu wopanda mayunitsi amaimba kamodzi n'kudula, kuti mnzake wopezako bwino amuimbire. Lamulo lake losalembedwa n'lakuti ndalama ya foni imalipidwa ndi amene ali nazo. Agogo akumudzi akatumiza "Moni" kudzera mwa mdzukulu, nthawi zambiri sakufuna kulemberana. Mwina kulemba kumawavuta, maso sakuonanso bwino, kapena nkhaniyo ndi yoti imveke ndi mawu apakamwa. Tanthauzo la moniyo ndi lakuti "tiimbireni".

Ndipo pali moni amene kumbuyo kwake kulibe kanthu. Mnzake wa kusukulu wangom'kumbukira munthu, mlamu akungofuna kumva ngati ana adzuka. Pachichewa kupereka moni pakokha ndi ntchito yathunthu, ndipo wachibale amene amangomveka pakagwa vuto ndiye amadzudzulidwa. Wolandira amene amaona pempho kumbuyo kwa moni aliyense amatha kukhumudwitsa anthu amene analibe naye cholinga china. Chizindikiro chake sichivuta: moni wopanda pempho amatha yekha, ndi mawu onga "Ndimangokuonani" kapena "Timati tikumveni", pomwe moni wonyamula nkhani amangozungulira, kufunsa za ana, za ntchito, za nyengo, osatsanzika.

Tsiku limodzi la moni

Mtengo wa kudikiraku umaoneka bwino pa chitsanzo. Tiyerekeze mnyamata wa kumudzi wina ku Ntcheu amene waitanidwa kuti akayesedwe ntchito ku Blantyre mawa lake 8 koloko m'mawa. Akufunika K18,000 yoyendera, ndipo ayenera kunyamuka lero kuti akagone kwa mnzake. Woti angam'thandize ndi malume wake, amene amagwira ntchito ku Kanengo ku Lilongwe. Mnyamatayo alibe foni ya WhatsApp, wabwereka ya mnansi.

Nthawi ili 7:40 akulemba kuti, "Moni amalume." Malumeyo akuuona uthengawo 7:55 ali m'minibasi, timatiki n'kusanduka tabuluu, koma akuti ayankha akapeza mpata. Mpatawo ukupezeka 10:15 pa nthawi ya tiyi: "Moni mphwanga, uli bwanji?" Apa n'kuti mwini foni atapita nayo kuchigayo. Mnyamatayo akuionanso 12:30 ndipo, pokhala mwana waulemu, akulemba kuti, "Ndili bwino amalume, kaya kunyumba ali bwanji?" Yankho likubwera 13:05: "Onse ali bwino." Mnyamatayo akudikira funso limene silikubwera, akulemba n'kufufuta, mpaka 14:50 pamene akulimba mtima: "Amalume ndili ndi kavuto pang'ono." Malume ali pamakina, foni ili m'thumba, ndipo akuwerenga 16:40: "Vuto lanji?" Nkhani yonse ikufika 17:20. Ndalama ikutumizidwa isanakwane 6 koloko, koma ejenti wa pamsika watseka kale, ndipo minibasi yomaliza yadutsa.

Palibe amene anachita mwano pa awiriwa, palibenso amene anakana. Nkhani inatuluka pa uthenga wachisanu ndi chiwiri, patatha maola 9 ndi mphindi 40. Chimene chinadya nthawi si kulemba, chifukwa mauthenga onsewo munthu angawalembe m'mphindi zitatu. Chinadya nthawi ndi mpata wa pakati pa kuyang'ana foni ndi kuyang'ananso. Ngati anthu awiri aliyense amagwira foni kamodzi pa maola awiri, kupita ndi kubwera kumodzi kukhoza kutenga maola anayi. Pakhonde moni anayi amatha m'mphindi imodzi popeza onse ali pomwepo. Pafoni moni aliyense wowonjezera amalipiridwa ndi maola.

Tsikulo likanayenda mwina malume akanayankha m'minibasi muja motere: "Moni mphwanga, tadzuka bwino, kaya iwe ndi amayi ako? Ngati pali nkhani ilembe yonse pompano. Ndikulowa ntchito 8 koloko, foni ndiionanso 10 koloko." Mnyamatayo akanalemba zonse foni isanapite kuchigayo, malume akanawerenga pa tiyi, ndipo masana mwanayo akanakhala ali pa msewu wa M1. Mauthenga atatu akanakwana.

Yankho labwino

Yankho la malume lachiwirilo lili ndi zinthu zitatu mu uthenga umodzi. Labweza moni mokwanira, lafunsa malonje, ndipo lanena nthawi imene woyankhayo apezeke. Chachiwiricho ndicho chimaiwalika kwambiri, chonsecho ndicho wodikira uja amafuna. Mwini khomo akapanda kufunsa malonje, mlendo waulemu amakhala pampando mpaka dzuwa kupendeka. Chachitatucho chimam'masula woyankhayo: wanena kuti wamva, koma sanalonjeze kukhala pafoni tsiku lonse, ndiponso sanalonjeze kuti chimene chipemphedwe chiperekedwa.

Luso lagona pa mawu ofunsira malonjewo, chifukwa amasintha malinga ndi munthu. "Mukufuna chiyani?" ndi funso lolondola m'galamala, koma kwa aliyense limamveka ngati chitseko chomenyetsedwa. "Tikuthandizeni?" ndi mawu a m'sitolo ndi muofesi. Kwa kasitomala ali bwino, koma kwa azakhali amawauza kuti asanduka mlendo kwa mwana wa mlongo wawo. Kwa munthu wamkulu funso limakulungidwa m'nkhawa: "Tadzuka bwino amayi, kaya inu kumeneko? Kaya n'kwabwino?" Mawu akuti "n'kwabwino" amapereka njira ziwiri. Ngati kuli nkhani, mayiyo wapatsidwa poyambira. Ngati kulibe, angoti "N'kwabwino ndithu, timangokuonani," ndipo palibe amene wachita manyazi. Kwa apongozi, kwa agogo, kapena kwa wamkulu aliyense amene kulemba kumam'vuta, yankho loposa onse ndi kuimba, kapena kulemba kuti, "Ndili kuntchito, ndikuimbirani ndikaweruka 5 koloko," n'kuimbadi. Kuwauza kuti ajambule mawu n'kutumiza kumathandizanso, popeza ambiri amene amachedwa ndi zilembo amafotokoza bwinobwino pakamwa.

Kwa mnzake wa msinkhu umodzi palibe chozungulira: "Bhobho, zikuti bwanji? Tayankhula." Kuntchito, wamng'ono akalembera bwana wake moni yekha, bwanayo ndiye ali ndi mphamvu yosintha chizolowezicho, ndipo amatero ndi chiganizo chimodzi chokoma, chakuti ulendo wina azilemba moni ndi nkhani pamodzi kuti ayankhidwe msanga. Wamng'ono sangadzipatse yekha chilolezo chimenecho. Zikakhala kuti bwana ndiye watumiza moni yekha, wantchito amabweza moni n'kuwonjezera kuti, "Ndilipo bwana, ndikumva."

Wamalonda ndiye sayenera kutaya mphindi. Mayi wogulitsa zitenje kapena nkhuku akalandira "Moni" kuchokera ku nambala yachilendo atangoika katundu wake pa `Status`, n'zodziwikiratu kuti munthuyo waona katunduyo. Kubweza moni yekha n'kum'patsa mpata woti akafunse kwina. Yankho logwira ntchito limapereka moni, dzina la bizinesi, zimene zilipo ndi mitengo yake, n'kufunsa chimene wakonda. WhatsApp Business ili ndi malo otchedwa `Greeting message` pamene wamalonda amalemba yankho lotere kamodzi, ndipo limapita lokha kwa aliyense wolemba koyamba.

Timatiki timafuna kumvetsedwa, chifukwa tadanitsa abale ambiri. Kachizindikiro ka wotchi kamatanthauza kuti uthenga sunachoke m'foni ya wotumiza. Tiki imodzi yotuwa ndiye kuti wachoka koma sunafike m'foni ya winayo, mwina chifukwa yazima, ilibe bandulo kapena ili kopanda netiweki. Uthenga wotere WhatsApp imausunga mpaka masiku 30 ikuyesa kuufikitsa. Matiki awiri otuwa ndiye kuti wafika m'foni, ngakhale mwini wake sanauone. Abuluu, amene anayamba mu Novembala 2014, amangosonyeza kuti pamacheza pajapo patsegulidwa. Sanena kuti watsegulayo ndi mwini foni, kapena kuti anali pamalo oti n'kulemba. Komabe wodikira amawawerenga ngati munthu amene wasuzumira pawindo, wamuona mlendo, n'kutsekanso katani. Amene sangathe kuyankha nthawi yomweyo amachita bwino kuwerenga moniyo pa chidziwitso chimene chimatsika pamwamba pa galasi, osatsegula, kapena kutsegula n'kulemba mzere umodzi wonena nthawi imene ayankhe. Ena amazimitsa `Read receipts` pansi pa `Privacy`. Akatero nawonso saona ngati awo awerengedwa, ndipo m'magulupu zizindikirozo zimagwirabe ntchito.

Kwa achibale a kunja pamawonjezeka nkhani ya nthawi. Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, choncho wa ku Joni akachedwa kuyankha chifukwa chake ndi ntchito, osati wotchi. Britain imatsalira ndi maola awiri m'nyengo yawo yozizira ndi ola limodzi m'nyengo yotentha. Moni wa 6 koloko m'mawa ku Zomba mu Januwale amafika ku Manchester 4 koloko m'bandakucha, mwinanso kwa namwino amene ali pa shifiti ya usiku. Munthu wotere akauza abale ake kamodzi kuti azilemba nkhani yonse ndipo aziyankhidwa akadzuka, amachotsa madandaulo a chaka chonse.

Pempho likatuluka ndipo wopemphedwa sangathe, kuli bwino kunena msanga kusiyana ndi kuzimiririka. Amene wafunsa malonje kenako n'kusowa atamva nkhani wachita choipa kuposa amene sanayankhe moni n'komwe, popeza wam'vula mnzake n'kumusiya pabwalo. "Pepani, mwezi uno sindikwanitsa" amam'patsa wopempha nthawi yokagogoda khomo lina dzuwa likadalipo.

Moni wa nambala yachilendo

Mwambo wolandira mlendo uli ndi malire pafoni, chifukwa pakhomo mlendo amaoneka nkhope pomwe pafoni amangooneka manambala. Akuba a pafoni amakonda kuyamba ndi moni pa zifukwa zomwe zija za wachibale: akufuna kudziwa ngati nambalayo ili ndi munthu, ndiponso ngati munthuyo ndi womasuka. Yankho loyenera ndi laulemu koma losapereka kanthu: "Zikomo. Pepani, nambalayi ndilibe, ndikuyankhula ndi ndani?" Cholakwika chofala ndi kuyamba kulota: "Kodi ndi achimwene a ku Joni?" Wakubayo amangoti "Eya, ndasintha nambala," ndipo dzina walipatsidwa ndi mwini wake yemwe. Chimodzimodzi ndi amene amayankha kuti, "Simukundidziwa? Mwataya nambala yanga?" Munthu weniweni amatchula dzina lake pa funso loyamba. Wokana kulitchula kawiri safunikanso yankho lachitatu.

Ngakhale dzina ndi chithunzi zikhale za munthu wodziwika, nkhani ikafika pa ndalama njira yotsimikizira ndi kuimba pa nambala yakale ya munthuyo n'kumva mawu ake. Chithunzi aliyense angathe kuchikopera. Mauthenga a "ndalama ija mutumize pa nambala iyi" Amalawi ambiri anawalandirapo, ndipo amagwira amene tsiku limenelo analidi ndi ndalama yoti atumize. Pa Airtel Money ndi pa Mpamba dzina la mwini nambala ndi lofunika kuliwerenga ndalama isanapite. Palinso chinyengo china chimene chimayamba ndi moni wochokera kwa mnzake weniweni amene akaunti yake yabedwa kale. Pambuyo pa moniyo pamabwera pempho lakuti nambala ya manambala 6 imene yangofika pameseji inatumizidwa molakwika, ndiye aitumize. Nambala imeneyo ndi kiyi wa WhatsApp wa wolandirayo, ndipo akaipereka akaunti yake imasamukira m'foni ya wakubayo, amene amayamba kupereka moni kwa abale onse a m'foniyo. Kutsegula `Two-step verification` kumaika loko wachiwiri pa chitseko chimenechi.

Amayi ndi atsikana amadziwa mtundu winanso: "Moni" wa 11 koloko usiku kuchokera kwa mwamuna amene anatola nambala pagulupu ya mpingo kapena ya kuntchito, wobwerezedwa tsiku ndi tsiku popanda nkhani. Mwambo sukakamiza munthu kutsegulira aliyense wogogoda usiku. Funso limodzi lofuna kudziwa nkhani ndi lokwanira, makamaka litayankhidwa masana, ndipo zikapitirira pali `Block` ndi `Report`. M'Malawi lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina a intaneti limaletsa kuvutitsa munthu kudzera m'mauthenga, choncho mauthengawo ndi bwino kuwasunga ngati umboni m'malo mowafufuta.

Mbali ya wotumiza

Wotumiza naye angathe kufupikitsa ulendo popanda kutaya ulemu, pongobwerera ku kalembedwe ka kalata kaja. Mnyamata wa ku Ntcheu akanalemba kuti: "Moni amalume, ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi onse kunyumba. Ndine mphwanu, ndabwereka foni. Ndaitanidwa ku intavyu mawa ku Blantyre ndipo ndikusowa K18,000 yoyendera, yofunika isanakwane 12 koloko lero. Ngati n'zosatheka mundiuze kuti ndiyese kwina." Moni alipo, dzina lilipo, kuchuluka kwa ndalama ndi nthawi zilipo, ndipo chiganizo chomalizacho cham'patsa malume khomo lotulukira. Akuluakulu ambiri sakhumudwa ndi uthenga wotere. Chimene amadana nacho ndi uthenga wopanda moni, osati moni wobwera ndi nkhani yake.

Nkhani ikakhala yachinsinsi, kapena wotumiza akukayika kuti foni ili ndi yani, pali njira ya pakati: kupereka moni n'kunena kulemera kwa nkhaniyo osaiulula. "Moni achemwali, pali nkhani ya kumudzi yofunika tikambirane lero, mundiuze nthawi yoti ndiimbe." Wolandira wadziwa kuti si moni wamba, wadziwa kuti ndi ya lero, ndipo mwana wosewera ndi foni sanamvepo kanthu. Ndi bwinonso kunena ngati si zoopsa, chifukwa mawu akuti "pali nkhani" ochokera kumudzi amaimitsa mtima wa munthu amene anasiya kholo lodwala.

Pali nkhani zina zimene siziyenera kudikira matiki. Mwambo umafuna kuti uthenga wa maliro usaponyedwe mwadzidzidzi, ndipo m'pake kuti munthu asaulembe pameseji. Koma kutumiza "Moni" n'kukhala chete maola asanu sikufewetsa uthengawo, kumangochedwetsa wachibale amene akanakwera basi ya m'mawa. Pa maliro, pa ngozi ndi pa matenda a kayakaya, wotumiza amaimba. Foni ikapanda kuyankhidwa amaimbanso, ndipo ikakanikabe amaimbira munthu wina amene ali pafupi ndi wofunidwayo kuti akam'peze pamaso.